Mapu anga akuti damu lachepa madzi m'dzinja: ndalakwitsa pati ndi NDWI?

Tadala: Akuluakulu, ndithandizeni, mutu waima. Ndikufuna kuonetsa pa mapu mmene madzi a m'damu lina amakulira kuchoka m'chilimwe kufika m'dzinja. Ndatenga zithunzi ziwiri za setilaiti ya Sentinel-2, za L2A, china cha kumapeto kwa chilimwe, china cha pakati pa dzinja lotsatira. Mu pulogalamu ya mapu ya QGIS ndawerengera NDWI, muyeso wofufuzira madzi pa zithunzi, chonchi:

```
("B03@1" - "B08@1") / ("B03@1" + "B08@1")
```

Paliponse pamene yankho laposa 0 ndati ndi madzi. Malo amene ndazungulira ndi mahekitala 1,000. M'chilimwe ndapeza madzi okwana mahekitala 412. M'dzinja ndapeza 367. Ndiye kuti mvula yabwera, damu n'kuchepa? Komatu ndinapitako ndekha m'dzinjamo, mtengo umene tinaimikapo galimoto m'chilimwe unali m'madzi mpaka m'chiuno. Lipoti likufunika Lachisanu.

Yamikani: Aaa, imeneyo ndi ofuseti basi. Kuyambira Januwale 2022 zithunzi za Sentinel-2 anaziwonjezera 1000 pa nambala iliyonse. Ukapanda kuichotsa, NDWI yako imatsika. Inenso inandigwetsapo. Chotsani 1000 pa bandi iliyonse muone, nkhani yatha.

Limbikani: Ine ndikuona ngati mwasokoneza mabandi, achemwali. NDWI imene ndimagwiritsa ntchito ine ndi ya B8 ndi B11. B3 yalowa bwanji pamenepa?

Mbewe: A Limbikani, inu ndi a Tadala nonse mukulondola, vuto ndi dzina. M'chaka cha 1996 anthu awiri anatulutsa njira ziwiri zosiyana, aliyense n'kuitcha yake NDWI. Ya Gao, imene mukunenayo, imafanizira mitundu iwiri ya kuwala kosaoneka ndi maso, NIR ya B8 ndi SWIR ya B11, ndipo imaonetsa madzi amene ali m'masamba a zomera. Ya McFeeters imafanizira kuwala kobiriwira kwa B3 ndi NIR, ndipo ndi yofufuzira madzi oonekera poyera ngati nyanja, mtsinje kapena damu. A Tadala atenga yoyenera ntchito yawo. Mukaika yanuyo pa damu, munda wothirira wapafupi ukhoza kutuluka wowala ngati dziwe.

Limbikani: Ohoo. Ine ndimayang'anira mbewu, n'chifukwa chake. Pitirizani, ndikhala chete ndiphunzire.

Mbewe: Tsopano a Yamikani. Ofusetiyo ilikodi, ndipo a Tadala ayenera kuichotsa. Koma si imene yabweretsa 367. Taonani. Tinene kuti pamadzi oyera B3 ndi 600, B8 ndi 200. NDWI ndi 400 kugawa ndi 800, yankho 0.5. Tiwonjezere 1000 konsekonse: 1600 ndi 1200. Pamwamba pakadali 400, chifukwa ma 1000 awiri aja adyana. Pansi ndi pamene pafufuma, pafika 2800, yankho n'kukhala 0.14. Nambala yafota, inde, koma sinawoloke 0. Imene inali pamwamba pa 0 ikadali pamwamba, imene inali pansi ikadali pansi. Munthu amene akudulira pa 0 apeza mahekitala omwewo, achotse ofuseti kapena asachotse. Akanakhala kuti akudulira pa 0.2, pamenepo ndiye damu lonse likanasowa, ndipo inu mukanakhala mwalasa.

Yamikani: Eya, ine ndinkadulira pa 0.3 nthawi imene inandigwetsa ija. Ndavomera. Koma aichotsebe.

Mbewe: Aichotse ndithu, tiifuna posachedwapa. Ndipo musadalire tsiku la chithunzi, chifukwa zithunzi zakale zina anazikonzanso n'kuzipatsa ofuseti yomweyo. Yang'anani dzina la fayilo. Ngati muli N0400 kapena nambala yoposa pamenepo, ofuseti ilimo. Mukafuna kutsimikiza tsegulani MTD_MSIL2A.xml mufufuze BOA_ADD_OFFSET, mupeza -1000.

A Tadala, funso langa ndi lina. Chithunzi cha m'dzinja chili ndi mitambo? Ngati ilipo, munaichita chiyani?

Tadala: Mafayilo onse awiri ali ndi nambala yoyamba ndi N05, ndiye kuti ofuseti ilimo konsekonse ndipo sindinachotse. Mitambo ilipo pang'ono cha kumpoto kwa damu. Ndinaichotsa ndi SCL, mapu obwera ndi chithunzi oonetsa pamene pali mitambo ndi mithunzi yake, magulu 3, 8, 9 ndi 10. Ndinkaona ngati ndachita bwino pamenepo.

Mbewe: Kuichotsa munachita bwino. Koma pa chithunzi cha chilimwe, malo omwewo munawachotsanso?

Tadala: Ayi. Chilimwe kunalibe mtambo ndi umodzi womwe, ndichotserenji?

Mbewe: Pamenepo ndiye pagona nkhani. M'chilimwe mwawerenga madzi pa mahekitala 1,000 onse. M'dzinja mwawerenga pa malo okhawo amene mitambo inakusiyirani. Pansi pa mtambo paja simunaone kanthu, koma poti simunawerengepo madzi, masamu anu apatenga ngati pouma. Ndiye 412 ndi 367 si manambala oti n'kuwachotserana, sanachokere m'munda umodzi.

Chitani chonchi. Pangani chophimba chimodzi, malo alionse amene sakuoneka pa chithunzi chilichonse mwa ziwirizo achotsedwe pa zonse ziwiri. Kenako musangowerenga mahekitala, pangani mapu a magulu anayi. Ngati madzi ndi 1 ndipo pouma ndi 0:

```
"madzi_chilimwe@1" + 2 * "madzi_dzinja@1"
```

Mupeza 0 pamene pali pouma nyengo zonse, 3 pamene pali madzi nyengo zonse, 2 pamene madzi afika m'dzinja mokha, ndi 1 pamene panali madzi m'chilimwe koma m'dzinja palibe. Gulu la 1 limeneli ndi limene ndikufuna kuliona. Pa damu limene ladzadza, gulu limeneli siliyenera kupezeka konse. Likapezeka, mutiuze lili mbali iti.

Tadala: Chabwino, ndipatseni ola limodzi.

Nachisale: Pamene tikudikira, ndifunseko a Tadala. Ine zithunzi za setilaiti sindizidziwa kwenikweni, ntchito yanga ndi yoyeza madzi m'mitsinje ndi m'madamu. Chithunzi cha m'dzinjacho chinajambulidwa patapita masiku angati chigwere mvula yamphamvu? Ndikufunsa chifukwa damu mvula itangogwa kumene limakhala ndi nkhope ziwiri. Kufupi ndi khoma madzi amakhala odekha, obiriwirako. Kumene mtsinje umalowera amakhala ofiira ndi dothi, ukatunga m'botolo n'kusiya usiku, m'mawa upeza matope chala chathunthu pansi. Ngati maso a munthu akuona kusiyana kumeneko, setilaiti ilephera bwanji kukuona?

Mbewe: Amayi, mwafika kumene ndimapita. Tidikire manambala awo kaye.

Dalo: Ine funso langa ndi lapambali pang'ono. Ndikuchita zomwezi koma ndi setilaiti ya Landsat 8 mu pulogalamu ya Earth Engine, ndipo pakati pa nyanja penipeni pakumatuluka mabowo, mapikiselo opanda kanthu. M'mphepete muli bwinobwino. Mabandi ndi SR_B3 ndi SR_B5, ndachulukitsa ndi 0.0000275 n'kuchotsa 0.2 monga amanenera.

Mbewe: Mabandi ndi olondola, a Dalo. Mukugwiritsa ntchito `normalizedDifference`? Imeneyo ikapeza nambala yochepera 0 m'bandi iliyonse mwa ziwirizo, pikiseloyo imaiphimba. Pamadzi akuya oyera NIR imakhala pafupi kwambiri ndi 0, ndipo akamachotsa za mumlengalenga nthawi zina amapyoza, nambala n'kugwera kunsi kwa 0. Ndiye madzi abwino kwambiri ndi amene akusowa. Lembani masamuwo nokha ndi `expression`, koma muyambe mwakweza manambala oterowo kuti akhale pamwamba pa 0 pang'ono, apo ayi mupeza NDWI yoposa 1.

Dalo: Ndi yomweyo ndithu. Zikomo, ndikayese.

Tadala: Ndabwera. A Mbewe, mwandichititsa manyazi. Mitambo ndi mithunzi yake inaphimba mahekitala 118, ndipo 74 mwa amenewa anali madzi m'chilimwe. Pa mahekitala 882 amene akuoneka konsekonse, chilimwe chili ndi 338, dzinja 367. Ndiye madzi akwera ndi 29 m'malo motsika ndi 45.

Koma gulu la 1 lija lilipo. Ndi mahekitala 52. Gulu la 2 ndi 81. Ndipo 52 amenewa sanamwazikane ayi. Ambiri aunjikana kumene mtsinje umalowera, ndendende pamene a Nachisale anena, ena ndi zigamba zingapo m'kagombe kena kakum'mawa.

Nachisale: Mwaona. Polowera mtsinje sipangaume m'dzinja. Kumeneko ndi kumene madzi amayambira kukwera.

Mbewe: Tsopano tisiye mapu, tiyang'ane mapikiselo enieni. Dinani malo atatu pa chithunzi cha dzinja: pakati pa damu kufupi ndi khoma, pakati pa chigamba cha polowera mtsinje, ndi pa chimodzi cha zigamba za kum'mawa. Mutipatse B3, B8 ndi B11, mmene zilili m'fayilomo.

Tadala: Kufupi ndi khoma: B3 1650, B8 1250, B11 1100. Polowera mtsinje: 2300, 2400, 1300. Kum'mawa: 1700, 3800, 2300.

Mbewe: Zikomo. Tichotse 1000 paliponse, tigawe ndi 10000, kuti tidziwe gawo la kuwala limene likubwerera kumwamba.

Kukhoma kwatsala 0.065 ndi 0.025. NDWI ndi 0.44. Awa ndi madzi amene McFeeters ankawaganizira. Madzi oyera amameza NIR pafupifupi yonse isanapite patali pansi, koma kuwala kobiriwira amakubweza pang'ono. Dothi ndi zomera zimachita mosemphana, zimabweza NIR yambiri kuposa kobiriwira. Njira yonseyi yatsamira pa kusemphana kumeneku basi.

Polowera mtsinje kwatsala 0.13 ndi 0.14. NDWI ndi -0.04. Mabandi onse awiri akwera, koma NIR yakwera kuwirikiza kasanu ndi kupitirira, pomwe kobiriwira kwangowirikiza kawiri. Chifukwa chake ndi botolo la a Nachisale lija. Kuwala sikukulowanso m'madzi kuti kumezedwe, kukugunda tinthu ta dothi toyandama pamwamba penipeni n'kubwerera. Setilaiti ikuona dothi losungunuka, ndipo ikunena zoona. Koma taonani B11: ndi 0.03 yokha. SWIR madzi amaimeza mwamphamvu kwambiri moti ngakhale matope alimo ambiri, imabwerera yochepa. Dothi louma likanapereka B11 yoposa B8. Ndiye pamenepa ndi madzi, palibe kukayika.

Kum'mawa nkhani ndi ina. 0.07, 0.28 ndi 0.13. NDWI ndi -0.6. NIR yotalika chonchi ndi ya tsamba lamoyo. Pali chomera chimene chaphimba madzi.

Tadala: Namasupuni! Analipodi kugombe limenelo, mphepo imamukankhira kumeneko. Ndinamuona koma sindinaganizeko n'komwe.

Yamikani: Ndiye basi tsitsani podulira. Ikani -0.1, matope onse alowa.

Mbewe: Pa chithunzi cha dzinja zithandiza, bola ofuseti ichotsedwe kaye, chifukwa tikangochoka pa 0 yayamba kugwira ntchito. Mu QGIS ingosinthani pansi pokha:

```
("B03@1" - "B08@1") / ("B03@1" + "B08@1" - 2000)
```

Koma musanasankhe -0.1 chifukwa a Yamikani anena, tsegulani hisitogiramu ya NDWI ya chithunzi chilichonse. Pamalo amene madzi ndi mtunda zonse zilipo zokwanira, mumaona mapiri awiri ndi chigwa pakati. Podulira pabwino ndi m'chigwamo. Tiuzeni chigwa chili pati pa chilichonse.

Tadala: M'chilimwe mapiri ali awiri ooneka bwino, la madzi cha pa 0.5, la mtunda cha pa -0.25, koma la mtundalo lili ndi mchira wautali wofika pafupi ndi 0. M'dzinja la mtunda lasunthira kutali, cha pa -0.6, la madzi laphwanyika, layambira pa 0.45 n'kutsetsereka mpaka kunsi kwa 0. Chigwa chake chili pakati pa -0.1 ndi -0.3, ndipo n'chotakata.

Ndayesa -0.1 konsekonse. Dzinja lachoka pa 367 kufika pa 431. Mwa 52 aja, 41 abwerera, 11 a namasupuni akana. Enanso 23 atuluka m'mbali mwa mtsinje, malo amene anasefukira ndi madzi amatope. Koma chilimwe nachonso chakwera, kuchoka pa 338 kufika pa 361, ndipo ena mwa madzi atsopanowo ali pamtunda, kutali ndi damu, paphiri ndithu.

Nachisale: Paphiri? M'chilimwe? Kumeneko kunapsa kapena?

Tadala: Ndayang'ana pa chithunzi cha mitundu yeniyeni. Ndi lupsa, pakuda bii. Ena ndi matope a m'gombe pamene madzi anangophwa kumene.

Mbewe: Umenewo ndiye mchira umene munauona uja. Pamene papsa, mabandi onse awiri amatsika n'kuyandikana, mwina 0.05 ndi 0.06, NDWI n'kukhala -0.09. Mwadutsa nayo pa -0.1 yanu. Mthunzi wa phiri ndi madenga a nyumba zimachitanso chimodzimodzi. M'dzinja vutoli limachepa chifukwa mtunda wavala msipu, NIR yake ili m'mwamba, mtunda wathawira kutali ndi madzi. Nyengo ziwirizi zikukukokerani mbali zosiyana: m'dzinja madzi ndi amene amafanana ndi dothi, m'chilimwe dothi ndi limene limafanana ndi madzi. Ine ndikanadulira pa 0 m'chilimwe, pa -0.1 m'dzinja, n'kulemba m'lipoti chifukwa chake.

Chisomo: Apa ndiye ndikutsutsani, akulu. Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Mukadulira posiyana pa zithunzi ziwiri, wowerenga lipoti adziwa bwanji kuti kusintha kumene mukuonetsa ndi kwa madzi osati kwa dzanja lanu? Ndi 0 konsekonse kusiyana ndi 29. Ndi -0.1 konsekonse ndi 70. Ndi njira yanuyi ndi 93. Munthu akhoza kungosankha nambala imene abwana ake akufuna. Kwa ine muyeso ukhale umodzi, ngakhale ulakwitse, bola ulakwitse mofanana chaka ndi chaka.

Mbewe: Nkhawa yanu ndi yoona, a Chisomo, ndipo ndaonapo malipoti otero. Koma muyeso umodziwo sukulakwitsa mofanana, ndiye vuto lake. Pa 0 ukubisa madzi a dzinja okha. Pa -0.1 ukunamizira chilimwe chokha. Kulakwitsa kukanakhala kofanana kukanadyana pochotsera, ngati ofuseti ija. Chimene chiyenera kukhala chimodzi ndi lamulo losankhira podulira, osati nambalayo. Mwachitsanzo njira ya Otsu, ya 1979 ija, imapeza yokha chigwa pa hisitogiramu iliyonse, dzanja la munthu osalowapo.

Chisomo: Otsu ndinamuyesa. Pa damu laling'ono pakati pa malo aakulu ouma anandidulira pakati pa nkhalango ndi minda, madzi osawaona n'komwe.

Mbewe: Amatero madzi akakhala ochepa kwambiri pa chithunzi, chifukwa iye amangofuna magulu awiri, sadziwa kuti madzi n'chiyani. Mumamupatsa kadera kozungulira gombe kokha, kuti madzi ndi mtunda zikhale zofananako kukula. Koma ndikuvomera, kukula kwa kaderako mumasankhanso ndinu.

Chisomo: Ndiye dzanja lija labwereranso pakhomo lakuseri.

Yamikani: Bwanji osangosiya NIR yonseyo? Titenge MNDWI, NDWI yosinthidwa ya Xu, ya 2006. B3 ndi B11. Pa manambala a polowera mtsinje aja, 0.13 ndi 0.03, ikupereka 0.62. Palibenso zokangana za podulira, 0 ikwanira nyengo zonse.

Mbewe: Pa matope, a Yamikani, mwalasa, ndipo pa madenga a nyumba imachitanso bwino, ndi chimene Xu anaipangira. Mtengo wake ndi uwu: B3 ndi B8 ndi za mamita 10, B11 ndi ya mamita 20. Pikiselo imodzi ya B11 ikuphimba malo a mapikiselo anayi a B8. Pa damu lotakata palibe vuto. Pa timifuleni topapatiza tolowa m'damu, gombe limasokonekera. Komanso namasupuni uja MNDWI imupatsa -0.3, akhalabe mtunda. Ine ndimaigwiritsa ntchito ngati mboni yachiwiri. A Tadala, iwerengereni pa chithunzi cha dzinja, mudulire pa 0, tione ngati igwirizane ndi 431.

Tadala: Yapereka 438. Ndaziika pamodzi, zikusiyana m'mphepete mokhamokha, kamzere kopyapyala kuzungulira gombe. Pakati zikugwirizana.

Mbewe: Ndiye -0.1 yanu ya dzinja ili ndi mboni. A Chisomo, izi zikuchepetsako nkhawa?

Chisomo: Pa damu ili, chaka chino, inde. Akadzafuna kuchita zaka khumi, zithunzi makumi angapo, sadzakhala akudina pikiselo iliyonse. Pamenepo ndidzafunsanso. Koma lipoti lionetse manambala onse atatu aja, 29, 70 ndi 93, asabise.

Nachisale: Ine ndibwerere kumunda. Kamzere kam'mphepete kameneko musakapeputse. Gombe la damu lanulo ndi lalitali bwanji?

Tadala: M'dzinja ndi makilomita pafupifupi 30, lili ndi timanja tambiri.

Nachisale: Ndiye werengani. Makilomita 30 kuchulukitsa ndi mamita 10 a pikiselo imodzi, ndi mahekitala 30. Mzere wa gombe ukangosuntha ndi pikiselo imodzi, mwapeza kapena mwataya mahekitala 30. Ndiye 29 munapeza poyamba ija inali yosadalirika ngakhale pakanapanda matope. Ndipo musalembe 93.27 ngati mwayeza ndi tepi.

Chinanso. Kumtunda kwa damu, kumene pansi pali posatsetsereka, madzi akakwera amalowa m'udzu ndi m'mabango. Ukayendamo madzi ali m'mawondo, koma ukaima patali ukuona udzu wokhawokha. Amenewo mapu anu awawerenga?

Mbewe: Sawawerenga, amayi, ndipo palibe podulira pamene pangawatulutse. N'chimodzimodzi namasupuni. Kuwala kukugunda tsamba kusanafike pamadzi. NDWI imaona madzi oyang'ana kumwamba okha. Kusiyana kwake n'koti namasupuni wa mahekitala 11 uja tikhoza kumubweza ndi nzeru chabe: pansi pake panali madzi m'chilimwe, damu lakwera, ndiye madzi alipobe. Zomwezonso ndi mahekitala 74 a pansi pa mtambo. Koma 44 otsala pansi pa mtambo, amene anali ouma m'chilimwe, sitikudziwa. Udzu womira sitikudziwanso.

Limbikani: Pepani ndalowanso. Bwanji osatenga zithunzi zonse za dzinja n'kuziphatikiza? Ine pa mbewu ndimachita `median()` ya miyezi itatu, mitambo yonse imachoka.

Mbewe: Imachoka, koma funso limasinthanso. `median()` imatenga nambala yapakati pa pikiselo iliyonse. Malo amene anamira milungu itatu yokha pa miyezi itatu atuluka ouma, chifukwa masiku ambiri anali ouma. Choipirapo, masiku amene madzi ali pamwamba kwambiri ndi omwewonso a mitambo, ndiye zithunzi zoyera zimene zatsala zimakondera masiku a madzi ochepa. Ngati a Tadala akufuna madzi a masiku ambiri a dzinja, njira yanu ndi yabwino. Ngati akufuna pamene anafika patali kwambiri, awerengere NDWI pa chithunzi chilichonse payekha, kenako awerenge kuti pikiselo iliyonse inaoneka kangati ndipo mwa maulendo amenewo inali madzi kangati. Osatenga `max()` mwachimbulimbuli, mthunzi umodzi wa mtambo umene SCL inauphonya usanduka dziwe mpaka kalekale.

Tadala: Sentinel-2 imadutsa masiku asanu alionse, koma dzinja lonse ndapeza zithunzi zinayi zokha zoti damu likuonekako. Chimene ndatengachi ndiye chabwino pa zonse.

Dalo: Sentinel-1 bwanji? Rada imapyoza mitambo. Mnzanga amaigwiritsa ntchito pa madzi osefukira.

Mbewe: Pa 44 aja ingathandize, ngati pali chithunzi cha masiku oyandikana. Madzi odekha amaoneka akuda pa rada chifukwa amataya mafunde ake kumbali ngati galasi. Koma kukakhala mphepo pamwamba pa madzi pamachita makwinya, n'kuwala ngati mtunda. Ndi ntchito ina yokhala ndi misampha yake, sindingaiyambe Lachitatu lipoti likufunika Lachisanu.

Nachisale: Pali njira yachidule. Madzi a m'damu amagona mofanana, gombe lonse lili pa msinkhu umodzi, kupatula kumtunda kumene mtsinje ukuthamangabe. Ngati muli ndi mapu a kukwera ndi kutsika kwa nthaka, onani msinkhu wa gombe kumene kukuoneka bwino, mutsatire mzere womwewo pansi pa mtambo ndi m'mabango.

Chisomo: Ngati mapu a msinkhuwo ndi aulere aja a mamita 30, pa malo athyathyathya akhoza kuphonya ndi mamita angapo m'mwamba, ndipo mita imodzi pamenepo ndi mtunda wautali chopingasa. Komanso ngati anajambulidwa damu litadzadza, pansi pa madzi sanapaone. Ine sindingawerengere mahekitala pamenepo.

Nachisale: Kuwerengera ayi, koma kuona ngati mabangowo ali kunsi kwa mzere kapena kumtunda, zimathandiza. Ine ndimachita, ndipo ndikapita ndi mabuti nthawi zambiri ndimapeza madzi.

Tadala: Ndiyesa kungoona, sindiika m'masamu. Mmene ndalembera pakadali pano ndi chonchi, mundikonze. Pa mahekitala 882 ooneka pa zithunzi zonse ziwiri, madzi oonekera anali 338 m'chilimwe podulira pa 0, ndi 431 m'dzinja podulira pa -0.1, ndipo MNDWI yapereka 438. Ndaikanso 29 ndi 70 aja m'katebulo, monga a Chisomo anenera, ndi chiganizo chofotokoza matope ndi lupsa. Mahekitala 11 a namasupuni ndawapatsa mtundu wawowawo pa mapu. Malo a mitambo ndawasiya otuwa, ndalemba kuti sanaoneke.

Chimene chikundivutabe ndi choti abwana adzafuna nambala imodzi ya damu lonse. Ndiphatikize 431, 11 ndi 74 n'kunena kuti 516?

Mbewe: Nenani kuti osachepera 516, pafupifupi, ndipo mulembe kuti 85 mwa amenewo simunawaone ndi NDWI, mwachita kuganizira poti damu linakwera. Poyerekeza ndi chilimwe mugwiritse 412, chifukwa tsopano mwabwerera pa malo onse. Ndipo lembani masiku enieni a zithunzi ziwirizo pamutu pa mapu. Chithunzi chimodzi si dzinja lonse.

Chisomo: Ine 516 sindingailembe pamutu. Idzayenda yokha m'malipoti ena, mawu oti "osachepera" atatsala m'mbuyo.

Nachisale: A Tadala, ku damuko kuli ndodo yoyezera msinkhu wa madzi pakhoma? Ngati oyang'anira amalemba tsiku ndi tsiku, apempheni manambala a masiku awiri amenewo. Ngati alinso ndi tebulo la msinkhu ndi kukula kwa damu, muona nokha ngati 412 ndi 516 zikugwera pafupi.

Tadala: Ndodo ilipo, ndinaiona. Za tebulo sindikudziwa. Ndiwaimbira mawa m'mawa.

Dalo: Mabowo anga aja atsekeka, a Mbewe. Koma tsopano ndaona kuti zithunzi zanga za 2010 ndi za Landsat 5, ndipo ndinasiya SR_B3 ndi SR_B5 momwemo.

Mbewe: Pa Landsat 5 ndi 7 kobiriwira ndi SR_B2, NIR ndi SR_B4. Mwakhala mukufanizira kofiira ndi SWIR. Bwerezani zaka zonse za kumbuyo kwa 2013.